Chubu chada kumapeto ndipo chikuphethira: ndi chubu, sitata kapena tchoki?

Amake Chisomo, Kapata: Mwaswera bwanji nonse pagulu. Odziwa za malaiti ndithandizeniko. M'shopu yanga yosokeramo muli nyali ziwiri zazitali zija za chubu, za mafiti 4. Ya pamwamba pa makina yakhala ikuphethira milungu itatu, kumapeto konse kuwiri kwada bii ngati pansi pa mphika wa pa nkhuni. Dzulo ndinatuma mwana m'tauni, anagula chubu chatsopano ndi kasitata komwe. Taika zonse, koma kuphethira kuli pomwepo. Aneba akuti tchoki yafa, ndigule nyali yonse. Mayunifomu a ana a sukulu andiunjikira, usiku sindikuona ngakhale diso la singano.

Jere wa ku Mchini: Amama, aneba anuwo anena zoona. Zinthu m'menemo ndi zitatu chabe, chubu, sitata ndi tchoki. Ziwiri mwasintha kale, ndiye chatsala ndi chiyani? Gulani tchoki, nkhani yatha.

Mnyamata wa Mafoni: Amama tayani zonsezo muike chubu cha eloidi, nyali zamakono zija za LED. Mukuvutikiranji ndi zinthu za makedzana

aTembo Amalaiti: Amake Chisomo, musagule kanthu kaye. Jere, chinthu chikachokera m'sitolo sindiye kuti ndi choyenera nyaliyo, ndaziona kambirimbiri. Amama, yatsani nyaliyo muiyang'ane kwa kanthawi, mundiuze ndendende chimene ikuchita. Kodi chubu chimayaka chonse n'kuzima, kenaka n'kuyakanso? Kapena kumapeto kokha ndiko kumafiira, pakati pali mdima? Kapena chimayaka osazima koma kuwala kukunjenjemera? Anthu zonsezi amati kuphethira, pomwe ndi matenda atatu osiyana. Mununkhizenso pafupi ndi nyaliyo ngati pali fungo la kupsa.

Amake Chisomo, Kapata: Atate, chimayaka chonse mbee, kuwala bwinobwino ndithu, koma kanthawi kochepa ngati kuwerenga kuti chimodzi, ziwiri. Kenaka chimazima, kumapeto kumafiira, kasitata kamalira kuti ke ke ke, chiyakenso. Chomwecho osalekeza. Fungo palibe.

aTembo Amalaiti: Ndiye tchoki yanu ndikuyamba kuikhululukira. Magetsi onse opita ku chubu amadutsa mu tchoki. Waya wake akanaduka mkati, nyali yonse ikanakhala zii, kumapeto sikukanafiira, sitata sikanalira. Ndipo akanakhala kuti wapsa n'kugundana, chubu chatsopanocho mwina sichikanafika lero. Poti chikuyaka chonse ndi kuwala kwake kwa masiku onse, pali china chimene chikuchizimitsa chitayaka kale.

Chitani ichi. Pukutani manja aume, valani nsapato, kwerani pa mpando wa thabwa. Yatsani nyali, gwirani kasitata ndi zala ziwiri pa pulasitiki yake yokha, osakhudza chitsulo cha nyali. Chubu chikangoyaka chonse, potozani kasitatako pang'ono kumanzere mukazule. Ngati kasitata kanu ndi kakale kachitini, kapena chitsulo cha nyaliyo chinayamba chakugwiranipo shoko, musachite zimenezi, itanani wamalaiti. Mukazula muone ngati chubu chikhalabe choyaka kapena chizima.

Anyamata a Sola, Lundazi: Ifenso kuno nyali zimaphethira batire ikatsika, makamaka cha m'ma 4 koloko m'mawa. Amama onani madzi a batire yanu, mwina yauma.

Jere wa ku Mchini: Achimwene a ku Lundazi, werengani kaye pamwambapo. Awa ali pa malaiti a m'tauni, batire ichokera kuti?

Anyamata a Sola, Lundazi: Pepani, ndinangoona kuphethira basi ndalumphira.

Amake Chisomo, Kapata: Atate aTembo!! Ndayesa kawiri, koyamba ndinachedwa chinali chitazima kale. Kachiwiri ndazula chili choyaka, ndipo mpaka pano chikuyaka osaphethira ngakhale pang'ono. Kasitata ndili nako m'manja muno. Zatheka bwanji nyali kuyaka popanda sitata?

aTembo Amalaiti: Ntchito ya sitata imathera pa kuyatsa. Tawerengani zimene zalembedwa pa kasitata katsopanoko, zonse, mulembe apa monga zilili.

Amake Chisomo, Kapata: Palembedwa S2, pansi pake 4-22W. Pa chubu palembedwa 36W.

aTembo Amalaiti: Wakubayo ndi ameneyo. Mwana anampatsa sitata ya machubu aafupi. Chubu chanu ndi cha mawati 36, sitata yake imalekezera pa 22. Yofunika ndi yolembedwa S10, kapena iliyonse yolembedwa 4-65W kapena 4-80W. Kunja zimafanana ngati mapasa, miyendo yake ndi yomweyo, n'chifukwa chake wogulitsa wotanganidwa amangotola ili pafupi.

Ndifotokozeko pang'ono, chifukwa mukamvetsa kasitata aka, zina zonse muzidziwa nokha. Mkati mwake muli kabotolo kakang'ono ka galasi kokhala ndi mpweya, ndi tizitsulo tiwiri tosakhudzana. Kamodzi kamapindika kakatentha. Mukayatsa swichi chubu chisanayake, mavoti onse 230 a pakhoma amafika pa kabotoloko, mpweya uja umayaka n'kutenthetsa kachitsulo, kachitsulo kamapindika n'kukhudza kanzake. Zikakhudzana magetsi amadutsa mu timawaya ta kumapeto kwa chubu, ndiko kufiira mumaona kuja. Pamenepo kabotolo kazima, kachitsulo kamazizira n'kubwerera, ndipo pa kulekanako tchoki imaponya mavoti ochuluka mwadzidzidzi, chubu n'kuyaka.

Chubu cha mawati 36 chikayaka, pakati pa mapeto ake awiri pamatsala mavoti pafupifupi 103, ena onse tchoki yawagwira. Sitata yoyenera anaipanga kuti pa 230 idzuke, pa 103 igone. Koma S2 anaipangira machubu awiri a mawati 18 ogawana tchoki imodzi, kumene sitata iliyonse imalandira theka la magetsi, ndiye imadzuka ndi mavoti ochepa. Kwa iyo 103 ndi ambiri ndithu. Chubu chanu chikayaka, iyo imaganiza kuti sichinayake, imagundanitsanso tizitsulo take, magetsi amalambalala chubu, chubu n'kuzima. Ndi ke ke ke munamva uja.

Jere wa ku Mchini: Chabwino akulu, pamenepo ndagwa. Koma ngati vuto ndi sitata yolakwika, Amama angobwezeretsa yakale ija, bwanji agule ina? Inali kugwira ntchito zaka zonsezi.

Amake Chisomo, Kapata: Yakale ndaipeza mu dirowa ya mabatani, mwayi sindinataye. Palembedwa S10. Ndazimitsa, ndaika, ndayatsa. Tsopano ndi zina. Kumapeto konse kuwiri kwafiira ngati makala a pa mbaula, pakati mdima, kasitata sikakulira n'komwe. Kwangokhala chomwecho.

aTembo Amalaiti: Zimitsani msanga Amama, musadikire kuti mwina chiyaka. Sitata yakaleyo tizitsulo take tamatirirana, sitikulekananso. Timawaya ta chubu chanu chatsopano tikungowotchedwa pamenepo, ndipo tchoki ikunyamula magetsi oposa amene imanyamula chubu chikayaka. Mukasiya usiku wonse mudzapha zonse ziwiri.

Jere, sitata imeneyo inaphedwa ndi chubu chakale. Tsiku labwino sitata imagunda kawiri katatu poyatsa, basi yapuma mpaka mawa. Iyi yakhala ikugunda osapuma kwa milungu itatu. N'chifukwa chake ine ndikasintha chubu chimene chinaphethira nthawi yaitali ndimasinthira limodzi sitata, osafunsa. Amake Chisomo anaganiza bwino kugula zonse ziwiri, inalakwika ndi nambala chabe.

Amama, nyali yachiwiri ija imayaka bwino? Ngati chubu chake ndi cha mawati 36 chomwecho, zimitsani zonse, bwerekani sitata yake muike pa ya makina.

Amake Chisomo, Kapata: Yayaka! Yaphethira kawiri chabe n'kukhazikika. Zikomo atate, Mulungu akudalitseni. Mawa mwana abwerera m'tauni ndi kapepala, ndalemba S10 ndi zilembo zazikulu.

Aphunzitsi, Katete: Ndakhala ndikutsatira mwakachetechete. Ine funso langa lili pa kuda kuja. Kunyumba kwanga pakhonde pali chubu chimene chinada kumapeto chaka chatha, koma chikuyakabe mpaka lero. Ndiye kodi chubu chakale cha Amake Chisomo chinafadi? Mwina sitata ndiyo inayamba kufa, chubu chatayidwa chili moyo.

Jere wa ku Mchini: Aphunzitsi, chikada chafa. Chanucho chikungoyembekeza tsiku.

aTembo Amalaiti: Jere, tonse tikuyembekeza tsiku. Funso la aphunzitsi ndi labwino. Kumapeto kulikonse kwa chubu kuli kawaya kopotana ngati ka babu lakale lija, ndipo anakapaka mankhwala oyera amene amathandiza magetsi kudumpha kuchoka pa kawayako kulowa mu mpweya wa m'chubu. Nthawi iliyonse chubu chikamayatsidwa, pang'ono pa mankhwalawo pamathothoka n'kukamatira pa galasi. Kuda mukuonako ndi mankhwala amene achoka pamalo pake. Ndiye kuda kumatiuza kuti chubu chakalamba, koma sikutiuza kuti pa kawaya patsala ochuluka bwanji. Kamthunzi kotuwa chabe, chubu chingathe kupita nako miyezi yambiri. Kukada bii mpaka utali wa zala zitatu kapena zinayi, ndipo poyaka kumapetoko kukuoneka kofiirira, kumanjenjemera, ndiye kuti mankhwala ali pafupi kutha.

Akatha, chubu chimafuna mavoti ambiri kuti chikhale choyaka. Aja 103 amakwera, mpaka sitata yabwinobwino imayamba kudzuka ngati mmene S2 inachitira. Taonani, maonekedwe ake ndi amodzimodzi, kuyaka, kuzima, ke ke ke. Chimene chimasiyanitsa ndi kuzula kuja. Mukazula sitata chubu n'kukhalabe choyaka mokhazikika, mlandu ndi wa sitata. Mukazula sitata chubu n'kuzimiratu, kapena n'kumangonjenjemera mwa mdima, mlandu ndi wa chubu.

Amama, ngati chakalecho chilipo, tiyeni tiwayankhe aphunzitsi. Zimitsani, muchiike pa nyali imene tikudziwa tsopano kuti ili bwino, ndi sitata yabwino ija, kwa mphindi imodzi chabe. Poika muchipotoze mpaka mumve kuti chakhala, mapini onse alowe.

Amake Chisomo, Kapata: Ndayesa, ngakhale kuti khosi layamba kuwawa ndi kuyang'ana kumwamba. Chakale chikuphethira ngati kale, mbali imodzi ikuoneka yofiirira. Ndazula sitata chitayaka, chinanjenjemera kanthawi n'kuzima. Ndabwezeretsa chatsopano.

Aphunzitsi, Katete: Ndakhutira, chinafadi. Changa cha pakhonde mwina chikukhalitsa chifukwa chimayatsidwa kamodzi madzulo n'kuzimitsidwa m'mawa.

aTembo Amalaiti: Ndi chomwecho aphunzitsi. Cha kubafa chimene chimayatsidwa kakhumi pa tsiku chimada msanga kuposa cha pakhonde, ngakhale cha pakhonde chimayaka maola ambiri.

Mnyamata wa Mafoni: Atate, ine ndili ndi mita yoyezera. Tsiku lina ndinayeza chubu chakuda cha kwa landilodi, pa mapini awiri a mbali imodzi mita inalira, mbali inayo inaliranso, maomu ochepa chabe. Ndinawauza kuti chubu chili bwino, anagula sitata, koma sichinayake. Mpaka lero amandiseka. Mita yanga ndi yabodza?

aTembo Amalaiti: Mita yako inanena zoona, unaifunsa funso lina. Iyo imangoona ngati kawaya kaduka kapena ayi. Ikaonetsa OL pa mapini a mbali imodzi, kawaya kaduka, chubu chafa, pamenepo ukhoza kulumbira. Koma ikalira, yangokuuza kuti kawaya kalipo, za mankhwala a pa kawayako sidziwa kanthu. Machubu ambiri okalamba amafa timawaya tili tamoyo.

aMwale a Golosale, Petauke: Akulu, poti nkhani yafika pa kupsa kwa machubu, langa ndi ili. Nyali ya m'golosale inasiya kuyaka mwezi watha. Ndinagula chubu, kuika, kuyatsa, chinang'anima kamodzi mowala kwambiri n'kuzima, osadzayakanso. Ndinati mwina chinali chabodza, ndinagula china kwina. Chimodzimodzi, ndipo kumapeto kumodzi kunada nthawi yomweyo. Kwatsala chachitatu, ndinagula ziwiri paulendo wachiwiriwo. Ndiyese ndi sitata ina?

Jere wa ku Mchini: Apa pokha ndi tchoki. Akulu aTembo mundikanenso.

aTembo Amalaiti: Apa sindikukana Jere, wagunda. aMwale, chachitatucho chisungeni m'katoni mwake, chisayandikire nyali imeneyo. Tchoki ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri pa chitsulo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa magetsi olowa m'chubu. Chubu pachokha sichidziwa kukhuta, chikayaka chimamwa onse amene chapatsidwa. Cha mawati 36 chimayenera kulandira pafupifupi 0.43 ya ampu, yochiletsa kupitirira pamenepo ndi tchoki. Tchoki ikatentha kwa nthawi yaitali, vanishi ya pa waya imapsa, mizere ya waya imagundana, ndiye magetsi amangodutsa ngati palibe chotchinga. Timawaya ta chubu timaduka nthawi yomweyo. Ndifunse, nyaliyo isanafe inali kuchita chiyani?

aMwale a Golosale, Petauke: Inaphethira nthawi yaitali ndithu, mwina miyezi iwiri. Tinkangoisiya poti ili kumbuyo kosungira katundu. Kenaka inayamba kulira ngati njuchi, ndi kafungo ngati ka pulasitiki yopsa. Ndinkaganiza kuti ndi firiji.

aTembo Amalaiti: Amake Chisomo mwamva? Kumeneko ndi kumene munali kupita. Chubu chokalamba chimapha sitata, sitata yomatirira imaphika tchoki, tchoki yopsa imadya machubu atsopano. Nyali ikayamba kuphethira ndipo mulibe ndalama ya chubu lero, ingozulani sitata kapena muzimitse, isamagunde chabe.

aMwale, ngati mufuna kudzionera, zimitsani pa meni swichi, osati pa swichi ya pakhoma yokha. Nyumba zambiri ndazipeza swichi ikudula waya wolakwika, nyali yazima koma magetsi ali mkati. Chotsani chubu, tsegulani chivundikiro. Tchoki ndi kabokosi kachitsulo kolemera kaja. Yabwino imakhala yoyera. Yopsa imasanduka yofiirira, nthawi zina imatuluka zonga phula, ndipo penti ya nyali pamwamba pake imakhala itasintha mtundu. Ngati mkatimo muli kapasita, kachitini kozungulira kokhala ndi mawaya awiri, musagwire mapini ake, kamatha kusunga magetsi kanthawi. Pogula ina muwerenge mawati, ikhale ya 36 kapena 40. Ya mawati 58 mukaiika pa chubu cha mafiti 4 chidzawala mokoma koma chidzada msanga.

Mnyamata wa Mafoni: Nanga tchoki mita ingaiyeze?

aTembo Amalaiti: Ingathe, magetsi ali ozimitsa ndipo wamasula waya mmodzi. Ya mawati 36 imaonetsa maomu makumi angapo, zambiri zimene ndayeza zimakhala cha m'ma 40 kapena 50. Ikaonetsa OL waya waduka, nyali yotere imangokhala zii. Ikaonetsa pafupi ndi ziro yagundana. Chovuta ndi yapakati, imene mizere yochepa chabe yagundana. Mita imaonetsa ngati ili bwino, koma ikayaka imatentha moti sungaikepo chala, imalira, ndipo chubu chatsopano chimada m'milungu yochepa. Yotere ndimaiyerekeza ndi inzake yofanana nayo ya nyali yabwino.

Ndipo pali chimodzi chimene anthu amachita mozondoka. Mukakhala ndi nyali ziwiri, tengani chubu chimene mukuchikayikira muchiyese pa nyali yabwino. Musatenge chubu chabwino kukachiyesa pa nyali yokayikitsa musanaone tchoki yake. Kwa Amake Chisomo sindinaope chifukwa chubu chatsopano chinali chitagona kale pamenepo osapsa.

aMwale a Golosale, Petauke: Ndatsegula. Yafiira ngati nyama yootcha, ndipo fungo lake ndi lomwe lija. Firiji ndinainamizira.

Aphunzitsi, Katete: Atate aTembo, ndibwerenso ndi langa lina. Ya m'chipinda chochezera, chubu ndi choyera, chilibe kuda kulikonse, sitata ndi 4-65W, ndawerenga pompano. Masana ndikayesa imayaka msanga. Madzulo cha m'ma 6 kapena 7 koloko imavuta, kasitata kamangowala pang'ono, nthawi zina kumapeto kumafiira, mpaka mphindi zisanu. Koma ikayaka siizima. Ana anatulukira kuti ukasisita chubu ndi dzanja chimayaka.

Jere wa ku Mchini: Imeneyo ndi mphepo. Machubu owonda awa sakonda kuzizira, mu Juni ndi Julayi amavuta m'mawa. Akale onenepa aja ankapirira.

Aphunzitsi, Katete: Koma Jere, m'mawa cha m'ma 5 koloko, pamene kumazizira kwenikweni, imayaka bwino. Ndipo inayamba mu Okutobala.

aTembo Amalaiti: Za mphepo Jere sananame, zimachitika, koma Okutobala wa ku Katete si wa mphepo. Ine ndikukayikira mavoti. Ola limenelo aliyense wayatsa chitofu, ndipo ngati nyumba yanu ili kumapeto kwa laini, magetsi amafika atatsika. Nyali ya tchoki imayamba kuvuta mavoti akatsika cha m'ma 200 kupita pansi, sitata imachedwa kugunda ndipo kuponya kwa tchoki kumafooka. Ana asiyitseni zosisitazo. Dzanja limathandizadi chubu kuyamba, koma tsiku lina adzagwira chitsulo cha nyali yopanda waya wapansi. Pezani wina wa mita ayeze pa soketi masana, ayezenso 7 koloko.

Mnyamata wa Mafoni: Kapena ndi zogwirira chubu zija atate. Kwathu ina inali chomwecho, pulasitiki yake inauma ndi kutentha n'kung'aluka, mapini samagwira bwino. Ukakhudza chubu chimayaka chifukwa wachikankha.

aTembo Amalaiti: Zingathekenso mwana wanga, sindikukana, ngakhale sindikuona chifukwa chake zogwirira zingasankhe madzulo okha. Aphunzitsi, muzimitse, mupotoze chubu pang'ono uku ndi uku. Ngati chikugwedera kapena pa mapini pali kuda kwa moto, mnyamatayu wapambana. Sitata yokalamba nayonso imayamba kuonetsa ulesi mavoti akatsika, ndiye musinthanitse ndi ya pakhonde usiku umodzi muone.

Aphunzitsi, Katete: Sichikugwedera. Sitata ndisinthanitsa lero, mita ndilibe, ndifunsa kwa anzanga a sayansi Lolemba.

Asisi a Saluni, Kalongwezi: Ine ndafufuza nyali yanga mbali zonse, kasitata mukunenako kulibe. Anandibera pogula? Chubu chada mbali imodzi, ndikayatsa chimang'anima kamodzi n'kuzima.

aTembo Amalaiti: Sanakubereni asisi. Yanu ndi ya mtundu wina, m'malo mwa tchoki yolemera ija muli kabokosi kopepuka ka ilekitironiki, kamayatsa kokha popanda sitata. Tambiri ta mtundu umenewu tikaona kuti chubu chatha timadzizimitsa tokha, n'chifukwa chake kung'anima kamodzi basi. Poti chanu chada, yambani ndi chubu. Mukaika chatsopano n'kukana, zimitsani swichi, dikirani pang'ono, muyatsenso. Chikakanabe, kabokosiko kafa, ndipo sikakonzedwa kawirikawiri, kamasinthidwa.

Mnyamata wa Mafoni: Mwaona? Tabwerera pomwe ndinayambira. aMwale ndi asisi, m'malo mogula tchoki ikani eloidi. Ya mafiti 4 imadya mawati 18 chabe, theka la chubu chakale, ndipo ilibe sitata yoti ikuvuteni.

aTembo Amalaiti: Kwa aMwale ndikugwirizana nawe, tchoki yafa kale, ndipo machubu akalewa akupita kosowa. Maiko a m'pangano la Minamata anagwirizana mu 2023 kuti pofika kumapeto kwa 2027 asiye kuwapanga ndi kuwaitanitsa chifukwa cha mekyule, chitsulo chapoizoni chimene chili mkatimo. Koma musangotola chubu cha eloidi n'kuchibaya pa nyali yakale. Zina zimalandira magetsi mbali imodzi, zina mbali zonse ziwiri. Zina zimabwera ndi kasitata kake kabodza koika m'malo mwa kakale, tchoki n'kuisiya, zina zimafuna tchoki ichotsedwe ndi mawaya alumikizidwenso. Chithunzi cha pa katoni ndicho chimanena. Mukalumikiza mozondoka mudzamva phuu pa meni swichi. Kwa aMwale tchoki yopsayo ituluke ndithu, mtundu uliwonse umene agule. Kwa Amake Chisomo, chubu agula kale, tchoki ili bwino, asiyeni asoke mayunifomu.

Jere wa ku Mchini: Ine eloidi zotchipa sindizikhulupirira, ziwiri zandifera chaka chisanathe. Chubu chakale mwina umadziwa chimene chafa, izi zikafa zafa.

Mnyamata wa Mafoni: Munagula za pamsewu achimwene

Jere wa ku Mchini: Za m'sitolo mphwanga, ndi lisiti lomwe.

Amake Chisomo, Kapata: Musanamenyane, chubu chakalechi ndichite nacho chiyani? Ana a aneba achipempha kale, akuti akufuna kuchiphulitsa pa mwala amve kulira kwake.

aTembo Amalaiti: Ayi Amama, musawapatse. Mekyule ili mkatimo ndi yochepa koma ndi poizoni, ndipo chikasweka imatuluka ngati mpweya pamodzi ndi ufa woyera uja. Chilowetseni m'katoni ya chatsopano, muchisunge pamwamba pomwe ana safika, osachiponya pa moto wa zinyalala. Chikasweka mwangozi m'nyumba, tsegulani chitseko ndi mawindo, tulukani kanthawi, kenaka mutole magalasi ndi kakatoni ndi nsalu yonyowa, osati ndi manja.

Amake Chisomo, Kapata: Mwauka bwanji nonse. Mwana wabwera ndi S10 ziwiri, wogulitsa anavomera kusintha yolakwika ija, ina ndawonjezera yosunga. Nyali zonse ziwiri zikuyaka. Koma atate aTembo, poti tsopano makutu mwanditsegula, ndikazimitsa makina ndikumva yachiwiri ija ikung'ung'uza pang'ono. Fungo palibe. Mwina yakhala ikutero kuyambira kale, sindinkamvetsera.

aTembo Amalaiti: Tchoki zambiri zimang'ung'uza pang'ono, ndipo nthawi zina ndi chivundikiro chabe chomasuka chimene chikunjenjemera. Ikayaka maola awiri muzimitse, muike dzanja pa chitsulo pamene pali tchoki, muyerekeze ndi inzake ya pa makina. Zikafunda mofanana isiyeni, mungomanga sikuluwu ya chivundikiro. Ikakhala yotentha kuposa inzake mundiuze.

Aphunzitsi, Katete: Ndasinthanitsa masitata usiku wathawu. Ya m'chipinda inachedwabe, koma mphindi ziwiri m'malo mwa zisanu, ndipo ya pakhonde, imene sinavutepo, inaphethira kangapo isanayake. Ndiye kaya ndi sitata, kaya ndi mavoti, kaya zonse. Mita ibwera Lolemba.